Chimanga Chiume Kaye Musanachithire M'thumba

Ndisanabwere kuno ndinkakhala ku Mufakose, mumzinda wa Harare, komwe kuli mabanja ambiri ochokera ku Malawi. Tinali ndi gulu la alimi, ndipo tinkalima timinda ta m'mphepete mwa misewu. Nkhokwe kunalibe. Chimanga tinkasunga m'nyumba momwe timagona, monga muchitira kuno kukampu.

Chaka china ndinakolola matumba asanu ndi limodzi mu Epulo, msanga, poopa akuba. Ndinatonola n'kuthira m'matumba sabata yomweyo, n'kuwasanjika pasimenti. Pofika Ogasiti, matumba awiri apansi anali atachita chuku, ndipo ena ankatuluka ufa m'misoko, chizindikiro cha anankafumbwe. Awiri aja ndinataya, chifukwa chuku china chimasiya poizoni amene satha ngakhale muphike nsima. Ngakhale nkhuku sitiyenera kuzipatsa.

Cholakwa changa chinali chinyezi. Chimanga chosunga chisapitirire magawo 13 pa 100 alionse. Bungwe la boma logula mbewu ku Zimbabwe, la GMB, limafuna 12.5. Ife makina oyezera tinalibe, choncho tinaphunzira kuyesa ndi mchere.

Muchite motere. Yanikani mchere padzuwa mpaka uume gwa. Tengani botolo lagalasi louma bwino, muthiremo chimanga chosafika theka, ndi masupuni awiri a mcherewo. Tsekani, khutchumulani kwa mphindi imodzi, dikirani mphindi 15, kenako mukhutchumulenso. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimanga sichinaume. Chiyanikeninso pamphasa kapena palona, osati padothi, n'kumachitembenuza. Mchere ukapanda kumatirira, chipeteni ndi kuchotsa maso owola ndi oboola.

Chaka chotsatira gulu lathu linasonkha ndalama n'kugula matumba a PICS. Thumba limeneli lili ndi mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja. Mukathira chimanga, finyani mpweya utuluke, ndipo mumange pulasitiki iliyonse payokha, kenako saka. Anankafumbwe amafa chifukwa chosowa mpweya, popanda mankhwala. Koma thumbali siliumitsa chimanga: mukatsekeramo chachinyezi chimasasa. Likabooka ndi khoswe kapena msomali, mphamvu yake yatha. Musamalitsegule pafupipafupi, chodya cha mwezi uno patulani m'thumba lina.

Matumba onse akhale pamitengo kapena pamatabwa, osakhudza pansi kapena khoma. Chimanga chatsopano musachiphatikize ndi chakale.

Pomaliza, ndikupempheni chinthu chimodzi. Mapiritsi ofukizira mbewu amene ena amagulitsa m'misika musawaike m'nyumba yogonamo. Mpweya wake umapha anthu, makamaka ana. Ngati mulibe thumba la PICS, gwiritsani ntchito mankhwala aufa monga Akiteliki, pa mlingo wolembedwa pabotolo lake.

Mukakolola, yambani ndi mchere ndi botolo.