Chikwangwani cha pa Msewu ndi Munthu wa Changu

Nkhani ya lero ikunena za zikwangwani za malonda zimene zimaikidwa m'mbali mwa misewu ya m'tauni kuti zikope anthu othamangira ku ntchito. Funso lake ndi ili: n'chifukwa chiyani chikwangwani chotere chimakhala ndi nkhope yaikulu ya munthu wotchuka, koma mawu ochepa zedi?

Yankho likupezeka m'chiphunzitso cha akatswiri awiri a za maganizo a ku Amereka, Richard Petty ndi John Cacioppo, chimene anachilongosola mokwanira m'buku lawo la mu 1986. Iwo anati uthenga wokopa umalowa mwa munthu podzera njira ziwiri. Yoyamba ndi njira ya pakati, pamene munthu amasinkhasinkha mfundo za uthengawo ndi kuziyesa ngati zili zoona. Yachiwiri ndi njira ya m'mbali, pamene munthu amangotengeka ndi zizindikiro zapamwamba, monga kutchuka kwa wolankhula kapena kukongola kwa chithunzi. Kuti uthenga udzere njira ya pakati pafunika zinthu ziwiri: munthu akhale ndi chifukwa choganizira nkhaniyo, ndiponso akhale ndi mpata woiganizira. Chimodzi chikasowa, uthenga umadzera m'mbali.

Mu 1983 akatswiriwa, pamodzi ndi David Schumann, anasindikiza zotsatira za kafukufuku amene anachita ndi ophunzira 160 a pa yunivesite ya Missouri. Anawaonetsa malonda a lezala lopeka lotchedwa Edge. Ena anauzidwa kuti lezalalo lifika posachedwa m'dera lawo, ndi kuti pomaliza asankha lezala ngati mphatso. Enawo anauzidwa kuti ligulitsidwa kutali, ndi kuti mphatso yawo ikhala mankhwala otsukira mano. Malonda ena anali ndi mfundo zolimba, monga zakuti chogwirira chake sichiterera. Ena anali ndi mfundo zofooka, monga zakuti lezalalo limayandama pa madzi. Pa malonda ena panali akatswiri a masewera, pa ena anthu wamba.

Zotsatira zake zinali zomveka. Amene nkhaniyo inkawakhudza anatsata mphamvu ya mfundo, ndipo kutchuka kwa anthu a pa chithunzi sikunawasunthe. Koma amene sinkawakhudza anakopeka kwambiri ataona akatswiri a masewera aja.

Tsono chiphunzitsochi chioneke pa msewu. Mwachitsanzo, bambo wina wakwera minibasi m'mawa kuchokera ku Blantyre kupita ku Limbe. Wapanikizika pa mpando, kondakitala akuitanitsa ndalama, ndipo mtima wake uli pa bwana amene sakonda ochedwa. Chikwangwani cha malezala chimuonekera kwa kamphindi chabe. Mpata alibe, chifukwanso alibe, popeza sakugula lezala m'mawa umenewo. Wamalonda akadziwa zimenezi sadzaza chikwangwanicho ndi mfundo. Amaikapo katswiri wa mpira wa chibwano chosalala, dzina la lezala m'zilembo zikuluzikulu, ndi mawu atatu kapena anayi basi.

Phokoso ndi changu zimagwira ntchito inanso. Mu 1976 Petty ndi anzake awiri, Wells ndi Brock, anapeza kuti chosokoneza chimachepetsa mphamvu ya mfundo zolimba, koma chimathandiza mfundo zofooka, pakuti munthu sapeza nthawi yozitsutsa mumtima. Chotero katundu wosalongosoka amapindula ndi phokoso la pa depoti koposa katundu wabwino.

Komabe njira ya m'mbali ili ndi malire ake. Maganizo obwera motero sakhalitsa, sachedwa kugonja pamaso pa uthenga wina, ndipo sangadaliridwe kuti afika pa kugula. Loweruka bambo uja aima pa golosale ndalama zili m'manja. Tsopano chifukwa ali nacho, mpata alinso nawo. Lezala la pa chikwangwani lija likakhala la K300 koma lometa kawiri kokha, kumeta kumodzi kukutha K150. Lina likakhala la K500 koma lometa kasanu, kumeta kumodzi kukutha K100. Pa masamu otere nkhope ya katswiri wa mpira ilibe chonena. N'chifukwa chake wamalonda wanzeru amabwereza chikwangwani chake m'malo ambiri kuti dzina lisaiwalike, ndipo mfundo zenizeni amazilemba pa paketi, pamene wogula adzakhala ndi nthawi yowerenga.

Katswiri wa mpirayo si chizindikiro chabe nthawi zonse. Akamayamikira nsapato zosewerera, mawu ake angakhale umboni woyenera kuuganizira, pakuti nsapato amazidziwa. Akamayamikira lezala, sadziwa zambiri koposa wometa wa pa msika.

Womvera angadziyese yekha kuti aone njira imene uthenga unadzera. Adzifunse kuti katunduyo akumukonderanji. Akatha kutchula mtengo, kulimba kapena ntchito yake, ndiye kuti uthenga unadzera pakati. Akangokumbukira nkhope ndi mtundu wa chikwangwani, ndiye kuti unadzera m'mbali, ndipo ndalama zake ziyambe zadikira mpaka atawerenga zolembedwa pa paketi.