Mau atatu a pa kalata ya ntchito: zimene ndidayankhula ku Chirimba

 Ine sindine loya. Ndine mtolankhani, ndipo ku yunivesite ndidachokako digiri isanapse. Koma makalata a ntchito ndawerengapo ambiri, ena ondibweretsera anthu a konkuno amene amalawirira ku zipata za mafakitale, ndipo ndaona kuti mau amene amatigwetsa ndi omweomwewo. Lero nditenga atatu: pulobeshoni, rimyunareshoni ndi pulorata.

Tiyambe ndi pulobeshoni. Tanthauzo lake ndi nthawi yoyesedwa. Bwana akukuonani ngati ntchito mukuitha, nanunso mukumuona ngati ndi munthu womugwirira ntchito. Lamulo la Ntchito la chaka cha 2000, m'ndime 26, likunena kuti pa ntchito yofuna luso, mbali ziwirizi zikhoza kugwirizana za nthawi yoyesedwa, koma isapitirire miyezi 12. Likunenanso kuti m'nthawi imeneyi mbali iliyonse ikhoza kuthetsa mgwirizano popanda notisi.

Mau oti "popanda notisi" muwamvetse bwino. Munthu wolandira malipiro pamwezi amene adakhazikika pa ntchito amayenera kupatsidwa notisi ya mwezi umodzi, kapena ndalama zolowa m'malo mwake. Wa pa pulobeshoni alibe chitetezo chimenecho, ndipo ndalama za chipukutamisozi zolipidwa ntchito ikatha, zija amati sevaransi, sizimukhudza. Ndiye chifukwa chake olemba ntchito ena amawakonda kwambiri mau amenewa. Amakulembani miyezi itatu, ikatha akuti tikuonjezera ina itatu, kenaka ina, mpaka mwana wobadwa tsiku limene mudayamba ntchito wayamba kuyenda inu mukuyesedwabe. Kuonjezera kungakhalepo ngati kalata yanu ikulola, koma zonse pamodzi zisadutse miyezi 12.

Tsono musanasaine funsani kuti pulobeshoni ikuyamba liti ndipo ikutha tsiku liti, ndipo masikuwo alembedwe. Tsiku lotha likafika, pemphani kalata yokukhazikitsani. Ambiri timachita manyazi, timati bwana akatiyesa amwano. Koma tsiku la mkangano, kaya ku ofesi ya leba kaya ku khoti la milandu ya pa ntchito, chimene adzafunse ndi pepala, osati zimene kapitawo adakunong'onezani pa chipata. Ndime 27 ya lamulo lomweli ikuti wolemba ntchito akupatseni zolembedwa zofotokoza ntchito yanu ndi malipiro ake pasanathe mwezi umodzi chiyambireni ntchito. Si chifundo chake chimenecho. Ndipo kukhala pa pulobeshoni sikutanthauza kugwira ntchito yaulere. Tsiku lililonse limene mwagwira ndi lolipidwa.

Mau achiwiri ndi rimyunareshoni. Lilime limapindika powatchula, koma tanthauzo lake ndi lapafupi: zonse zimene wolemba ntchito akukupatsani kaamba ka ntchito yanu. Muli malipiro enieni, muli ndalama za nyumba, za thiransipoti, ngakhale zinthu zosakhala ndalama monga nkhomaliro ya pa ntchito. Motero nambala yaikulu imene mwaiona pa chidziwitso cha ntchito si imene idzalowe m'thumba.

Ine zidandionekera ndekha. Pa ntchito yanga yoyamba, pa kampani ina imene sinditchula, ndidaona nambala yonenepa, ndidakachita lendi nyumba molingana ndi nambalayo. Mwezi utatha ndidapeza kuti m'kati mwake adawerengeramo ndi ndalama ya penshoni imene kampani imandiikira, imene sindikadaigwira m'manja. Lamulo la penshoni limati pa K100 iliyonse ya malipiro owerengeredwa, bwana aike zosachepera K10 ndipo wantchito adulidwe zosachepera K5. Kuonjezera apo pali msonkho. Alandilodi sadamve zonsezi. Tsono funso lofunsa pa intavyu ndi ili: malipiro enieni ndi angati, zoonjezera ndi ziti, ndipo mukadula zonse ndidzatenga zingati?

Tsopano pulorata, pamene ndikhalitsepo chifukwa apa ndi pamene ndalama zimasowera masana dzuwa likuswa mtengo. Mauwa ndi a Chilatini, ndipo akutanthauza kugawa molingana ndi gawo limene mwagwira. Chidziwitso chikati K300,000 pamwezi pulorata, koma ntchitoyo ndi ya masiku atatu pa sabata pamene anzanu amagwira masiku 6, ndiye kuti zanu ndi theka, K150,000. Nambala yolembedwayo ndi ya munthu wogwira sabata yonse.

Tiyeni tiwerenge limodzi chitsanzo china. Amene muli ndi foni tsegulani kakyuleta. Mayi wina walembedwa ntchito yolongedza katundu, malipiro K300,000 pamwezi, Lolemba mpaka Loweruka. Wayamba pa 11 m'mwezi wa masiku 30 umene masiku a Lamulungu akugwa pa 7, 14, 21 ndi 28. Malipiro a mwezi woyamba akhala angati?

Njira zoongoka zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kuwerenga masiku onse a pa kalendala. K300,000 kugawa ndi 30 ikupereka K10,000 patsiku. Kuchokera pa 11 kufika pa 30 ndi masiku 20, ndiye kuti K200,000. Yachiwiri ndi kuwerenga masiku a ntchito okha. Mwezi umenewu uli nawo 26, ndipo K300,000 kugawa ndi 26 ikupereka pafupifupi K11,538 patsiku. Mayiyu wagwira masiku 17, ndiye kuti pafupifupi K196,150. Mukuona kuti njira ziwirizi sizikusiyana kwambiri.

Chinyengo chimabwera akasakaniza njirazi. Kalaliki agawa ndi 30 kuti mtengo wa tsiku uchepe, kenaka achulukitsa ndi 17, masiku a ntchito okha. Yankho ndi K170,000. Mayi uja waluza ndalama zoposa K26,000, ndipo pa pepala pakuoneka masamu aukhondo. Nthawi zina si kuba, ndi ulesi chabe wa wowerengetsa, koma thumba lobooka ndi lanu. Chozindikirira nchosavuta: ngati pogawa adawerengera Lamulungu, pochulukitsanso awerengere Lamulungu. Funsani kuti, "Bwana, mwagawa ndi masiku angati?"

Pulorata imagwiranso ntchito mokomera inu, ndipo izi sakonda kukuuzani. Ndime 44 ikupereka masiku 18 a tchuti cholipidwa pachaka kwa wogwira masiku 6 pa sabata, ndi masiku 15 kwa wogwira masiku asanu. Masiku 18 kugawa ndi miyezi 12 ndi tsiku limodzi ndi theka pamwezi. Mayi wathu uja akagwira miyezi 8 ntchito nkutha, ali ndi masiku 12 a tchuti. Wina akakuuzani kuti simudakwanitse chaka ndiye tchuti palibe, muuzeni kuti lamulo likuti wosakwanitsa chaka alandire masiku molingana ndi nthawi imene wagwira. Ngati masikuwo simudapume, alowe m'ndalama zanu zomaliza, ndipo ndalama zomalizazo lamulo likuti ziperekedwe pasanathe masiku 7 ntchito itatha.

Ndaona kumbuyoko achemwali atulutsa kale kalata m'chikwama. Bwerani nayo kuno tiiwerenge mokweza, dzina la kampani tilibisa ndi chala.