KUPWETEKA KWA M'MPHECHEPECHE KWA WOSEWERA MPIRA

Pa bwalo la mpira pali kuvulala kumene oonerera amakuona ndi maso, monga munthu akathyoka mwendo kapena akang'ambika pamphumi. Palinso kuvulala kwina kopanda magazi kumene anthu sakuwerengera konse. Wosewera amamenya mpira, naima mwadzidzidzi, nagwira m'mphechepeche, kenaka nayamba kutsimphina. Anzake amamuuza kuti alimbe mtima, ndipo iye mwini, pochita manyazi ndi malo amene akupweteka, sauza munthu. Kuvulala kotere kukasamalidwa bwino kumatha m'masabata awiri kapena atatu, koma kukanyozeredwa kukhoza kumudyera munthu chaka chonse cha masewero.

Mkati mwa ntchafu muli minofu ingapo imene ntchito yake ndi kukokera mwendo kwa unzake. Minofuyi imayambira pa fupa la chinena ndi kutsikira m'ntchafu. Umodzi mwa iyo, umene a chipatala amautcha adakita longasi, ndiwo umavulala kawirikawiri mwa osewera mpira wa miyendo. Chifukwa chake nchosavuta kumva. Munthu akafuna kumenya mpira mwamphamvu, amayamba waponya mwendo kumbuyo ndi kuutsegulira kunja, kotero kuti mnofuwo umatanuka. Pa nthawi yomweyo mnofu womwewo uyenera kukungika mwachangu kuti ubweze mwendo kutsogolo. Tsono mnofu umene ukukokedwa uku ukudzikunga ndiwo umang'ambika. Zomwezo zimachitika wosewera akakhota mwadzidzidzi ali pa liwiro, kapena akatambasula mwendo kufuna mpira umene wamupitirira.

Mwachitsanzo, pakhale mnyamata wa zaka 24 wosewera kumbali ya kumanja m'timu ya m'boma lina. Masewero atatsala pang'ono kutha, iye akuponya mpira wautali ku golo ndi mkati mwa phazi, ndipo akumva ngati wina wamubaya m'mphechepeche mwa kumanja. Akutha kuyenda, koma akati athamange mwendo ukukana. M'mawa mwake akuvutika kutsika pa bedi ndi kukwera njinga.

Pali njira zitatu zodziwira kuti wavulala ndi mnofu umenewu. Yoyamba ndi kukhudza: munthu akatsata ndi chala chingwe cholimba chochokera pa fupa la chinena kutsika mkati mwa ntchafu, amapeza malo amodzi amene akupweteka kuposa ena onse. Yachiwiri ndi kufinya: wovulala amagona chagada, mnzake naika chibakera kapena mpira pakati pa mawondo ake, iye nafinya kwa masekondi asanu. Yachitatu ndi kutsegula mwendo pang'onopang'ono kulowera kunja. Ululu ukabwera pa malo omwewo m'mayeso onse atatu, ndiye kuti vuto lili pa mnofu umenewo. Nkofunika kuti wovulala azipatsa ululu wake nambala, kuyambira 0 pamene sakumva kanthu kufikira 10 pamene ululu uli wosapiririka. Mnyamata wa m'chitsanzoyu, tsiku loyamba pofinya mpira, akunena kuti 6.

Koma si ululu uliwonse wa m'mphechepeche umene uli wa mnofu, ndipo apa mpamene mphunzitsi wa timu ayenera kudziwa malire a nzeru zake. Chotupa chimene chimatuluka munthu akatsokomola ndi kubwerera akagona chimasonyeza kuti matumbo akuturukira pa malo ofooka a pamimba. Mwanabele wodza ndi kutentha thupi, kapena ndi chilonda cha kuphazi, ndi nkhani ina. Kupweteka koopsa kwadzidzidzi kwa mavalo kumafuna chipatala ola lomwelo, osadikira kuti kuche. Wosewera amene sakutha kuponda, kapena amene ululu umamudzutsa usiku, angakhale ndi mng'alu pa fupa la m'chiuno. Mwana wa zaka za m'ma 12 mpaka 16 amene akutsimphina ndi kudandaula m'mphechepeche kapena pabondo aonedwe ndi dokotala, pakuti mafupa ake akukulabe ndipo malo okulirawo amatha kusuntha. Chimodzimodzinso munthu amene adamva kanthu kakuduka, nkuona magazi ataundana pansi pa khungu la ntchafu ndi mwendo wopanda mphamvu konse.

Mnyamata uja alibe chilichonse mwa zimenezi. Masiku awiri kapena atatu oyamba ntchito yake ndi yochepa: kusiya kuthamanga, kuyenda mapazi afupiafupi, ndi kuika pa malopo madzi oundana okulunga m'nsalu kwa mphindi 10 kapena 15 ngati alipo. Zimene anzake amathamangira kuchita, monga kuthowa ndi madzi otentha, kutikita mwamphamvu ndi kumutambasula miyendo mpaka atalira, nzosayenera pa masiku amenewa, popeza kukoka mnofu wong'ambika kumene kuli ngati kukoka nsalu yothetheka.

Komabe kupuma kokha sikuchiza, ndipo ichi nchimene ambiri sachidziwa. M'chaka cha 1999 dokotala wa ku Denmark, Per Hölmich, ndi anzake adasindikiza zotsatira za kafukufuku wa othamanga 68 amene adakhala ndi ululu wa minofu imeneyi kwa nthawi yaitali. Theka la iwo lidapatsidwa zolimbitsa minofu zochita okha, ndipo theka linalo lidalandira kutikita, kutambasula ndi makina a chipatala. Mwa oyambawo anthu 23 adabwerera ku masewero opanda ululu, koma mwa enawo adali anayi okha. Mnofu umachira ukamapatsidwa katundu wochuluka pang'onopang'ono.

Tsono pa tsiku lachitatu mnyamatayu akuyamba kufinya mpira pakati pa mawondo ali chigonere, masekondi 10 pa ulendo umodzi, maulendo khumi, ndi mphamvu yochepa yoti ululu usapitirire 2. Malire a 2 amenewa ndiwo akumutsogolera pa zonse zotsatira. Patapita masiku awiri akumanga mphira ya chubu cha njinga pa mtengo ndi pa kakolo, naimirira, nakokera mwendo wovulalawo mkati ndi kuubweza mosafulumira, mpaka mnofu utatopa kapena ululu utafika pa malire aja. Kubweza mwendo mosafulumira ndiko kofunika kwambiri, chifukwa pamenepo mnofu ukuphunzira kugwira ntchito uku ukutanuka, monga umachitira pomenya mpira. Akamatha maulendo 20 mosavuta, amapinda mphirayo pawiri kapena kuima patali, kuti katundu akule ndipo maulendo achepe.

Kuthamanga kukuyenda pambali pa zimenezi. Akangoyamba kuyenda mwachangu popanda kutsimphina, amayamba kuthamanga pang'onopang'ono mowongoka, pa malo osalala, osati pa bwalo la zigulumwa. Akatha mphindi 15 popanda ululu, amawonjeza liwiro kufika pa theka la mphamvu zake, ndi kuyamba kuyenda cham'mbali. Pambuyo pake amafika pa liwiro lalikulu ndithu koma losafika pa mapeto, ndi kuyamba kukhota mofatsa pozungulira zizindikiro. Woweruza wa ntchito ya tsiku lililonse ndi m'mawa wa tsiku lotsatira. Akadzuka amafinyanso mpira uja. Nambala ikakhala yomweyo kapena ikatsika, amapitirira. Ikakwera, amabwerera pa gawo la m'mbuyo kwa masiku awiri.

Nthawi yoopsa imafika pa tsiku la 9 kapena la 10. Mnyamatayu tsopano akuyenda bwinobwino, akukwera njinga, akuthamanga ndithu, ndipo aliyense womuona akuti wachira. Madzulo ena anzake akuyesana kumenya mpira ku golo, iye naye akumenyako kamodzi ndi mphamvu zonse. M'mawa mwake nambala imene idatsika kufika pa 1 yakwera kufika pa 4. Mwayi wake ngwakuti mnofu sudang'ambikenso, koma wataya masiku anayi. Cholakwa chake ndi chofala: kuyenda ndi kuthamanga mowongoka sikufuna zambiri kwa mnofu umenewu, kotero kuti ululu umatha msanga pamene mphamvu yomenyera mpira isanabwerere.

Liwiro lathunthu limaloledwa pokhapokha mayeso atatu oyamba aja atakhala opanda ululu konse: kukhudza, kutsegula mwendo, ndi kufinya mwamphamvu, makamaka kufinya miyendo ili yowongoka ndi yotsegula. Apo ndiye amathamanga mamita 30 ndi mphamvu zonse, napuma mokwanira, mpaka maulendo khumi. Akapambana, amayesa kukhota mwadzidzidzi ali pa liwiro, kumanja ndi kumanzere.

Kumenya mpira kulinso ndi makwerero ake. Kupatsirana kwapafupi, mamita asanu, kungayambe msanga pamene akuthamanga pang'onopang'ono. Kenaka mtunda umakula kufika pa mamita 15, ndipo pambuyo pake 30. Mpira woyenda pansi umayamba, wa m'mwamba nkutsatira. Mipira yoponya kuchokera kumbali, ya pakona ndi yomenya ku golo ndi mphamvu zonse imabwera pomalizira penipeni, ndipo tsiku loyamba isapitirire khumi. Nkwanzeru kusaika liwiro lathunthu ndi kumenya kwamphamvu pa tsiku limodzi poyamba, chifukwa ululu ukabwera m'mawa mwake sipadzadziwika chimene chaubweretsa. Womenya ndi mwendo umodzi asaiwale kuti mwendo woponda pansi nawo umasenza katundu, choncho mbali zonse ziwiri zilimbitsidwe.

Omvera ambiri angafunse kuti zonsezi zimatenga masiku angati. Madokotala a ku chipatala cha Aspetar mu mzinda wa Doha adatsata othamanga 81 ovulala minofu imeneyi, nafalitsa zotsatira m'chaka cha 2020. Amene mnofu udang'ambika pang'ono kapena mbali imodzi adakhala opanda ululu patapita pafupifupi masabata awiri, ndipo adabwerera ku zokonzekera za timu yonse asanathe masabata atatu. Amene mtsempha udadukiratu adatenga pafupifupi miyezi iwiri ndi theka. Komatu amenewa adali anthu osamalidwa ndi akatswiri pafupifupi tsiku ndi tsiku. Wa m'timu ya kumudzi asadabwe akachedwerapo. Mnyamata uja, chifukwa cha kupupuluma kwake, akulowanso m'timu pa sabata lachinayi, ndipo masewero oyamba akusewera gawo limodzi lokha.

Atabwerera, ntchito imodzi ikutsala, imene imatchedwa ndi dzina la mzinda wa Copenhagen. Wosewera amagona cham'mbali atatsamira pa chigongono, mnzake nagwira mwendo wa pamwamba pabondo ndi pakakolo, pa msinkhu wa chiuno. Wogonayo amanyamula thupi kuti liwongoke, nakweza mwendo wa pansi mpaka mapazi atakhudzana, kenaka natsika pang'onopang'ono. Wochira kumene ayambe ndi mnzake atagwira pabondo pokha, maulendo atatu kapena asanu mbali iliyonse. Ku Norway matimu 35 adayesedwa, ena akuchita ntchitoyi katatu pa sabata asanayambe ligi ndi kamodzi pa sabata ligi ili mkati, ena osachita. Zotsatira zimene zidafalitsidwa mu 2019 zidasonyeza kuti mavuto a m'mphechepeche adachepa ndi 41 pa 100 mwa amene ankachita. Ntchitoyi siitenga mphindi zoposa zisanu, ndipo pamene palibe mnzake womugwira, benchi la pa sukulu limakwanira.