Kufupikitsa Seketi: Batire Limodzi ndi Rezisita Imodzi

Tengani pepala ndi pensulo, pakuti nkhani ya lero ndi ya kujambula ndi kuwerengera, ndipo siimveka bwino kwa munthu wopinda manja.

Pa mayeso pamabwera kawirikawiri funso la mtundu uwu: woyesa amakupatsani seketi ya batire ndi marezisita angapo, nakulozerani nsonga ziwiri, A ndi B, nati mupeze karenti imene idzayenda mu rezisita yolumikizidwa pakati pa nsongazo. Rezisita imeneyi timaicha lodi, ndiye kuti katundu amene seketi yasenza. Mukangopuma kuti mwamaliza, funso lipitiriza kuti, "Nanga lodi ikasinthidwa kukhala ya maomu akutiakuti?" Wophunzira amene adziwa njira yaitali yokha amayambanso masamu onse kucokera paciyambi, nthawi ili kumuthera.

Njira yacidule inalembedwa m'caka ca 1883 ndi Thevenin, injiniya wa matelegalafu wa ku Falansa, ngakhale kuti Helmholtz wa ku Jeremani anali ataifotokoza kale mu 1853. Mfundo yake ndi yakuti lodi siona zimene zili m'kati mwa seketi. Imangomva zimene zifika pa A ndi B. Cotero seketi yonse, ingakhale ya mabatire ndi marezisita ambiri motani, tingaicotse ndi kuika m'malo mwake batire limodzi lotsatizana ndi rezisita imodzi, ndipo lodi siidzazindikira kuti pasintha kanthu. Volteji ya batirelo timailemba Vth, rezisitayo timailemba Rth. Nchito yonse yagona pa kupeza manambala awiri amenewa.

Tsono jambulani seketi iyi monga ndikuuzirani. Kumanzere kwa pepala ikani batire la mavolti 24. Kucokera ku nsonga yake ya pozitivi jambulani rezisita R1 ya maomu 4, ikafike pa mphambano imene tiiche X. Kucokera pa X tsitsani rezisita R2 ya maomu 12, ikafike pa waya wa pansi wobwerera ku negetivi ya batire. Kucokera pa X pomwepo pitirizani kumanja ndi rezisita R3 ya maomu 3, ikathere pa A. Nsonga B ili pa waya wa pansi uja. Woyesa akuti pakati pa A ndi B pali lodi ya maomu 12, ndipo afuna karenti yake.

Coyamba fafanizani lodi, kapena jambulani seketi yaciwiri yopanda lodi, A ndi B zili zotseguka. Ambiri amalephera funso pomwepa, cifukwa amasiya lodi m'malo mwake naiwerengera pamodzi ndi marezisita ena. Vth ndiyo volteji ya pakati pa A ndi B pamene palibe ciliconse columikizidwa.

Yang'anani tsopano kumene karenti ingayende. Icoka pa batire, idzera mu R1, ifika pa X. Kumanja kulibe njira, pakuti A ili m'malere. Yonse itsikira mu R2 ndi kubwerera ku batire. Ndiye kuti R1 ndi R2 zili motsatizana, maomu 16 pamodzi, ndipo karenti ndi 24 ÷ 16 = 1.5, maampeya. Volteji ya pa R2 ndi 1.5 × 12 = 18, mavolti.

Nanga R3? Apa pafunika kuimapo pang'ono. Rezisita imadya volteji pokhapo ngati karenti ikuyendamo. Mu R3 simukuyenda kanthu, cotero volteji ya kumanzere kwake ndi ya kumanja kwake ndi imodzi: mavolti 18 a pa X ndiwo ali pa A. Vth = 18 V. Caka ndi caka pamapezeka ophunzira amene amaphatikiza R3 ndi zinzake, nagawa 24 ndi 19, natuluka ndi mavolti 15.2. Woyesa amaika R3 pamalo amenewo dala, monga msampha wa mbewa pa mpita, kuti aone ngati mudziwa tanthauzo la njira yotseguka.

Tipite kwa Rth. Lamulo likuti tizimitse batire ndi kuyang'ana seketi titaima pa A ndi B. Kuzimitsa batire sikulicotsa ndi kusiya mpata ayi. Batire lozimitsidwa ndi batire la mavolti 0, ndipo cinthu cimene cili ndi mavolti 0 pakati pa nsonga zake, karenti ingaculuke motani, ndi waya. Cotero pamalo pa batire jambulani waya. Seketi ikakhala ndi gwero la karenti, lija lojambulidwa ndi muvi m'kati mwa kabwalo, ilo ndilo mumalicotsa ndi kusiya mpata, pakuti maampeya 0 ndi njira yoduka. Ndipo woyesa akachula kuti batire lili ndi rezisitansi ya m'kati mwake, imeneyo siizimitsidwa. Itsala pa pepala monga rezisita ina iliyonse.

Ikani cala pa A ndi kuyenda kulinga ku B. Mudzera mu R3, palibe njira ina. Pa X njira igawikana: mungatsike mu R2 kufika ku B, kapena mungadzere mu R1 ndi waya uja walowa m'malo mwa batire, kufika ku B komweko. R1 ndi R2 zayambira pamodzi ndipo zathera pamodzi, ndiye kuti zili mu paralelo: (4 × 12) ÷ (4 + 12) = 3. Onjezani R3, ndipo Rth = 3 + 3 = 6 Ω.

Taonani cinthu cimene cimasokoneza ngakhale ophunzira anzeru. Marezisita awiri omwewo, R1 ndi R2, anali motsatizana pamene tinali kufuna Vth, koma ali mu paralelo pamene tikufuna Rth. Palibe cimene casuntha pa pepala. Casintha ndi malo amene taima. Poyamba tinayang'ana kucokera ku batire, tsopano tikuyang'ana kucokera ku A ndi B. Amene sanasinthe malo amapeza maomu 19. Amene anasiya mpata pamalo pa batire amapeza maomu 15, popeza kwa iye R1 yakhala njira yosapita kulikonse. Mukaona 19 kapena 15 pa pepala lanu, mudziwe kumene phazi linaterereka.

Jambulani tsono seketi yatsopano: batire la mavolti 18, rezisita ya maomu 6, kenaka A ndi B. Bwezani lodi ya maomu 12. Karenti ndi 18 ÷ (6 + 12) = 1 A, ndipo pa lodi pali mavolti 12. Woyesa akasintha lodi kukhala ya maomu 3, yankho ndi mzere umodzi: 18 ÷ 9 = 2 A. Akafunsa lodi imene ingatenge mphamvu yoculuka koposa, ndi yofanana ndi Rth, maomu 6. Karenti ikhala 1.5 A, mphamvu ikhala 1.5 × 1.5 × 6 = 13.5 W. Yesani ndi lodi ziwiri zija: ya maomu 12 itenga mawati 12, ya maomu 3 itenganso mawati 12, zonse pansi pa 13.5.

M'cipinda ca mayeso mulibe mphunzitsi wokuuzani ngati mwakhoza, koma seketi yeniyeniyo ikhoza kukuuzani. Bwererani ku cithunzi coyamba, batire la mavolti 24 lili m'malo mwake, ndipo lumikizani A ndi B ndi waya. Tsopano R3 ili mu paralelo ndi R2: (3 × 12) ÷ 15 = 2.4. Pamodzi ndi R1 ndi maomu 6.4, ndipo batire litulutsa 24 ÷ 6.4 = 3.75 A. Volteji ya pa X ndi 3.75 × 2.4 = 9 V, cotero mu R3 ndi m'waya muja mukuyenda 9 ÷ 3 = 3 A. Gawani Vth ndi karenti ya shoti imeneyi: 18 ÷ 3 = 6. Nambala ya Rth yatulukanso kudzera njira ina. Ikadatuluka yosiyana, mukadadziwa kuti cimodzi mwa ziwirizo calakwika. Mphindi ziwiri za kuyesa kumeneku, ine ndiona kuti ndi zosatayika, makamaka pa funso limene magawo ake onse atsamira pa Vth ndi Rth.

Maampeya 3 amenewa ali ndi nchito yaciwiri. Funso likati mupeze seketi ya Norton, dzina la injiniya wa ku Amereka amene anailemba mu 1926, yankho muli nalo kale: gwero la karenti la maampeya 3 mu paralelo ndi rezisita yomweyo ya maomu 6. Ndipo kwa inu a m'makalasi apamwamba, amene mwayamba kukumana ndi magwero odalira volteji kapena karenti ya pamalo ena m'seketi, monga m'zithunzi za matiranzisita, njira ya kugawa Vth ndi karenti ya shoti ndiyo idzakuthandizani, pakuti gwero lotere silizimitsidwa.

Pali malire awiri amene muyenera kuwadziwa. Oyamba ndi akuti mbali ya seketi imene mukufupikitsa iyenera kukhala ya zinthu zimene rezisitansi yake siisintha karenti ikasintha. Dayodi, kapena babu lija la kawaya kotentha, lingakhale lodi kunja kwa A ndi B, koma musalilowetse m'kati mwa Rth.

Malire aciwiri ndiwo woyesa amawakonda pa gawo lotsiriza la funso, pamene afunsa kuti, "Kodi batire likutulutsa mphamvu yotani?" Wophunzira wotopa amatenga mavolti 18, nacurukitsa ndi ampeya imodzi, nalemba mawati 18. Yankho limenelo ndi la batire la pa pepala, osati la batire lenileni. M'seketi yoyamba, lodi ya maomu 12 ili m'malo mwake, pa X pali mavolti 15: 12 a pa lodi ndi 3 a pa R3. Pa R1 patsala 24 − 15 = 9 V, karenti yake ndi 9 ÷ 4 = 2.25 A, ndipo batire likutulutsa 24 × 2.25 = 54 W, kuwirikiza katatu. Ngakhale lodi itacotsedwa, batire lenileni limatayabe mawati 36 potenthetsa R1 ndi R2, pamene la Thevenin silitaya kanthu. Seketi ziwirizi zifanana kunja kwa A ndi B kokha. Funso lililonse lokhudza za m'kati libwerere ku cithunzi coyamba.

Mu labu musayese karenti ya shoti pa batire la galimoto, pakuti Rth yake ndi kacigawo kocepa kwambiri ka omu imodzi, ndipo waya adzafiira m'manja mwanu. Pa seketi yaing'ono ngati yathuyi pimani volteji ya A ndi B zili zotseguka, kenaka lumikizani rezisita yosinthika ndi kuitembenuza kufikira mita itasonyeza theka, mavolti 9. Icotseni ndi kuipima. Mudzapeza maomu 6 kapena pafupi napo.

Musanatseke buku, jambulaninso seketi yomweyi ndi manambala ena: batire la mavolti 20, R1 ya maomu 10, R2 ya maomu 15, R3 ya maomu 4, ndi lodi ya maomu 14. Mukayenda bwino, karenti ya mu lodi idzakhala theka la ampeya.