Nchito ya Boma Kapena ya Kampani ya Thonje?

Mnyamata wa ku Lundazi akatsiriza maphunziro a zaulimi amaima pa mphambano. Njira ina ndiyo ya ulangizi wa Boma. Inzace ndiyo ya kampani yogula thonje, kumene malipiro ndi okoma ndipo munthu wacangu sacedwa kukhala kapitao woyang'anira midzi yambiri.

Kukoma kwa Boma nkwakuti malipiro amafika mwezi uliwonse, mvula igwe kapena isagwe. Koma pakhomo pace pali mzere wautali. M'caka ca 2022 Boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 nthawi imodzi, ndipo ambiri a iwo anali atakhala zaka kunyumba, masatifiketi ali m'sutikesi. Wolowayo amakweranso pang'onopang'ono: m'zaka za 2014 ndi 2015 Boma linaimitsa kukweza malipiro a anchito ace.

Kampani imakweza msanga cifukwa imaona zipatso ndi maso. Imakongoza alimi mbeu ndi mankhwala, ndipo mlangizi amene alimi ace abweza ngongole yonse amadziwika m'caka cimodzi. Koma mpando wace watsamira pa mtengo wa thonje, umene umapangidwa kutsidya kwa nyanja. M'caka ca 2012 mtengowo unagwa ndi theka, ndipo alimi ambiri anataya mtima pa mbeuyi. Eni ace nawonso amasintha. Kampani ya Boma ya Lintco itagulitsidwa mu 1994, makina a thonje a ku Chipata anatengedwa ndi Clark Cotton. Mu 2006 Cargill inagula Clark Cotton, ndipo pambuyo pace nayonso inasiya thonje. Mwini watsopano sasunga akapitao onse a mwini wakale.

Nanga mnyamatayo ayese bwanji? Awerenge malipiro a caka cathunthu, osati a mwezi. Mwacitsanzo, Boma likamlonjeza K5,000 pa mwezi, pa caka ndi K60,000. Kampani ikamlonjeza K8,000, pa caka ndi K96,000. Ndipo cipangano cikakhala copitirira caka cimodzi, lamulo la anchito la 2019 likhoza kumpatsa giratuiti pa mapeto, kotala ya malipiro amene analandira, ndiyo K24,000 pa caka ciliconse. Apo kampani yapambana ndithu. Koma cipanganoco cikakhala ca miyezi isanu ndi umodzi yokha, K8,000 ija ibala K48,000 basi, ndipo Boma lapambana.

Afunsenso ngati kampaniyo imatumizadi ndalama ku NAPSA, 5 peresenti yace ndi 5 peresenti ya bwana, pakuti penshoni ya mwezi ndi mwezi imafuna zopereka za miyezi 180. Miyezi imene munthu akhala osalembedwa siwerengedwa.

Tsono mbeta imene ingapirire caka ca mtengo woipa ikhoza kuyesa kampani. Koma amene amadyetsa makolo ndi kulipirira abale sukulu asasiye mpando wa Boma asanaone ndi maso ace miyezi yolembedwa pa cipangano.