Pamene Mayi wa ku Mudzi Achita Sewero la pa Wailesi

Munthu amene sanachitepo sewero akapatsidwa pepala, amabwerera m'kalasi la Sitandade 3. Amapuma paliponse pamene pali mpumiro, mawu onse amawatchula ndi mphamvu yofanana, ndipo amayankha mnzake asanamumve, pakuti nthawi yonseyo amangodikira mzere wake. Wotsogolera sewero akamva zizindikiro zitatuzi, adziwe kuti munthuyo akulakatula, sakulankhula ayi.

Mwachitsanzo, mayi wina wapatsidwa gawo la mkazi wokapempha chimanga kwa mlamu wake m'mwezi wa njala wa Febuluwale. Pa pepala palembedwa kuti: "Alamu, ndabwera kudzapempha chimanga chifukwa ana anga ali ndi njala." Mayiyo akuwerenga bwino lomwe, koma mawu ake ndi ouma. Kumuuza kuti aonetse chisoni sikuthandiza, chifukwa adzangonjenjemeretsa mawu ngati wolira maliro a mwini.

Wotsogolera wanzeru amayamba walanda pepalalo. Kenaka amamfotokozera mayiyo mmene zinthu zilili: ana agona ndi njala masiku awiri, ndipo ngongole ya chaka chatha kwa mlamu yemweyo sinabwezedwe. Tsono amamfunsa kuti, "Kodi inu mayi, kwanu mukadayamba bwanji?" Mayiyo sadzatchula chimanga msanga. Adzayamba ndi odi, adzafunsa za moyo, adzadandaula za mvula, ndipo potsiriza adzati, "Alamu, kunyumbaku moto sunayake." Mzere umenewu ndi woposa wa pa pepala uja, ndipo ndiwo uyenera kulembedwa.

Chachiwiri, wochita gawo la mlamu amatengedwera pambali ndi kuuzidwa kuti asavomere kufikira atapemphedwa katatu. Mayi uja sauzidwa zimenezi. Akakanidwa amadzidzimuka zenizeni, nayamba kumvetsera ndi kufunafuna mawu. Ken Loach wa ku Mangalande, amene mu 1969 adatulutsa filimu ya Kes ndi mwana wa sukulu wa ku Barnsley, amadziwika ndi njira yotereyi: amajambula nkhani motsata ndondomeko yake, ndipo ochita sewero sawaululira zonse za m'tsogolo.

Chachitatu, manja apatsidwe ntchito. Mlamu akamatong'ola chimanga m'lichero, amaiwala makina ojambulira mawu, ndipo mpweya wake umatsata ntchitoyo.

Komabe njirayi ili ndi malire. Kudzidzimuka kumachitika kamodzi kokha, choncho makina ayenera kutsegulidwa poyesera poyamba pomwe. Gawo likabwerezedwa kambirimbiri, mawu a mayiyo amene amasanduka oloweza, ndipo kulakatula kumabwerera. Ndiponso anthu akamasuka amatalikitsa nkhani ndi kulankhulira pamodzi, mwakuti womvera, amene saona nkhope, amasokonezeka. Nchifukwa chake wotsogolera amasankhiratu mfundo ziwiri kapena zitatu zosayenera kusowa, monga ngongole ija, ndi mawu amene gawolo lidzathere. Zotsalazo amawasiyira eni chilankhulo.