Chimfine cha mwana: vundukulani pachifuwa, werengani mpweya

Amayi ambiri mwakhala mukupempha kuti tiike pano mawu amene mayi namwino analankhula pa msonkhano wathu wa amayi ku Karonga. Nawa, monga momwe analankhulira.

Zikomo amayi apampando, zikomo amayi anzanga nonse. Ndaona kuti ambirife tabwera ndi ana kumbuyo, ndiye wina akalira musachite manyazi, muyamwitseni tikupitiriza.

Ine ndi namwino, komanso ndine mayi. Chimfine ndimachidziwa, kunyumba kwanga sichisowa. Mwana wamng'ono amadwala chimfine kangapo pa chaka, ndipo nthawi zambiri chimatha chokha pakapita sabata imodzi kapena awiri. Mamina, kuyetsemula, kutsokomola pang'ono, mwana akuyamwa bwino, akukuyang'anani, akusewera: chimenecho ndi chimfine basi. Sichifuna jakisoni. Chimafuna bere pafupipafupi, kupukuta mphuno ndi kansalu kofewa konyowa, komanso kumuchotsa mwanayo mu utsi wa kukhitchini.

Vuto ndi lakuti chibayo, matenda a m'mapapo amene amapha ana ambiri aang'ono, chimayamba ngati chimfine chomwechi. Tsiku loyamba simungasiyanitse. Ndiye mudziwa bwanji kuti zasintha? Ife amayi timathamangira kugwira pamphumi kuona ngati thupi latentha, kapena timamvetsera chifuwa kuti chikumveka bwanji. Koma chifuwa chaphokoso si ndiye choopsa nthawi zonse. Mwana wina amatsokomola pang'ono chabe koma mapapo ali pamavuto. Chimene chimatiuza zoona ndi kapumidwe. Choncho lero mukaiwala zonse, musaiwale ichi: vundukulani malaya a mwana, yang'anani pachifuwa, werengani mpweya.

Kawerengedwe kake ndi aka. Dikirani mwana akhale chete, kaya wagona, kaya wangomaliza kuyamwa. Akamalira simungapeze nambala yoona. Mugonekeni pamiyendo panu, kwezani malaya kuti mimba ndi chifuwa zionekere. Mimba ikakwera n'kutsika, kumeneko ndi kupuma kamodzi. Wina agwire foni kapena wotchi akuuzeni kuti "yambani", ndipo mphindi imodzi ikakwana anene kuti "basi". Ikhale mphindi yathunthu, chifukwa makanda amapuma mofulumira kenako n'kuima kaye pang'ono. Mukawerenga theka lokha mudzinamiza. Ngati manambala amakusokonezani, werengani mpaka 10 n'kupinda chala chimodzi, muyambirenso. Zala zisanu zikapindika ndiye kuti 50 yakwana.

Tsopano manambala ofunika ndi atatu okha. Mwana wosakwana miyezi iwiri, akapuma ka 60 kapena kuposa pa mphindi, akupuma mofulumira. Werenganinso kachiwiri, ndipo zikabwera chimodzimodzi nyamukani. Mwana wa miyezi iwiri mpaka asanakwane chaka, nambala yake ndi 50, dzanja limodzi lonse. Wa chaka chimodzi mpaka asanakwane zaka zisanu, ndi 40. Manambala amenewa si anga ayi, ndi omwewo amene alangizi a zaumoyo ndi ife a kuchipatala timagwiritsa ntchito. Mwana wa chifuwa akafika pa nambala yake, timamutenga ngati ali ndi chibayo, ndipo ayenera kuonedwa tsiku lomwelo.

Muli pomwepo, yang'anani kumunsi kwa nthiti, pamene chifuwa chimakumana ndi mimba. Mwana wabwinobwino akamakoka mpweya, chifuwa ndi mimba zimakwera limodzi. Koma mapapo akadwala, mwana amakoka mpweya ndi mphamvu, ndiye kumunsi kwa nthitiko kumalowa mkati, kumachita dzenje nthawi iliyonse imene akukoka. Ngati zikuoneka pokhapokha akamalira kapena akamayamwa, dikirani akhale chete muyang'anenso. Zikapitirira ali chete, musayembekezere mawa. Pamenepo mungaonenso mphuno zikutukuka pokoka mpweya, kamutu kakugwedera pa mpweya uliwonse, kapena kumva kakubuula "ehe, ehe" potulutsa mpweya. Milomo kapena lilime zikayamba kuoneka zotuwa kapena zobiriwira, mpweya m'magazi wachepa. Imeneyo ndi nkhani ya nthawi yomweyo, kaya ndi pakati pa usiku.

Ndikuuzeni za mayi wina wa mbali ya ku Kaporo, dzina sinditchula. Mwana wake anali ndi miyezi inayi. Lolemba anayamba mamina, Lachiwiri kutsokomola, koma kuyamwa ankayamwa bwino. Mayiyo sanalakwe kukhala naye pakhomo masiku awiri amenewo. Lachitatu madzulo anaona kuti mwana akugwira bere, kukoka kawiri katatu, n'kulisiya, n'kulira. Kugwiranso, kusiyanso. Anthu pakhomo anati mwina mkaka wamukola, ena anati ndi mano akufuna kutuluka. Koma choona chake n'chakuti mwanayo sankatha kuyamwa ndi kupuma nthawi imodzi. Thewera limene anamuveka masana linali louma mpaka usiku.

Mayiyo anakumbukira zimene anamva ku sikelo. Anadzutsa mwana wake wamkulu wa ku pulayimale kuti agwire foni. Anawerenga, napeza 62. Kumbukirani, kwa wa miyezi inayi malire ndi 50. Atayang'ana kumunsi kwa nthiti, dzenje lija linalipo. Bambo a mwanayo anali kunyanja, ndipo apongozi anati, "Dikirani kuche, mwini wake abwere." Mayiyo anayankha mwaulemu kuti, "Amayi, taonani nokha mmene akupumira. Bambo ake akatipeza komweko." Agogowo atayang'ana, anatenga nsalu yawo n'kuperekeza. Anadzutsa wa kabaza usiku womwewo. Kuchipatala atamuika kachipangizo ka pachala koyezera mpweya wa m'magazi, kanaonetsa 86. Nambala ikakhala pansi pa 90, mwana amafunika mpweya wa okosijeni. Anagonekedwa, analandira mpweya ndi majakisoni, ndipo patapita masiku angapo anatuluka akuyamwa ngati kale.

Onani kuti vuto linaoneka tsiku lachitatu. Kwa makanda zimachitika kawirikawiri kuti chimfine chimatsikira m'mapapo pa tsiku lachitatu mpaka lachisanu, pamene ife tayamba kale kuzolowera kuti "ndi kachimfine chabe". Choncho musawerenge kamodzi n'kuiwala. Mwana akakhala ndi chifuwa, werengani m'mawa, werenganinso musanagone.

Palinso zizindikiro zinayi zimene sizifuna kuwerenga chilichonse. Mwana akakanika kuyamwa kapena kumwa. Akamasanza chilichonse chimene chalowa, ngakhale mkaka wa m'mawere. Akakomoka, kaya thupi lonse likugwedezeka, kaya ndi maso okha atembenuka ndi kadzanja kakunjenjemera. Ndipo akalefuka, tulo tosadzuka, mukumugwedeza koma sakukuyang'anani. Chomalizachi chimatipusitsa kwambiri, chifukwa mwana amene wakhala akulira usiku wonse akangoti zii, timati wapeza bwino. Mudzutseni muone. Ngati sakudzuka bwino, ndiye kuti watopa, sanachire. Chimodzi chokha mwa zinayizi n'chokwanira kunyamuka.

Za kutentha thupi, pali zinthu ziwiri. Kwa khanda losakwana miyezi iwiri, palibe kutentha thupi kwakung'ono. Likatentha, 37.5 kapena kuposa ngati muli ndi choyezera, pitani. Likazizira modabwitsa, kugwira pamimba kuli zii ngakhale mwalifunditsa, pitaninso, chifukwa makanda ena akadwala kwambiri sathentha, amazizira. Ndipo musalipatse panado n'kukhala pakhomo. Kwa ana okulirapo, kumbukirani kuti kuno kwathu m'mbali mwa nyanja ndi m'madimba a mpunga udzudzu ndi wambiri. Mwana atha kukhala ndi mamina komanso malungo nthawi imodzi, ndipo malungo nawonso amachititsa kupuma mofulumira. Thupi likatentha, akayezedwe magazi a pachala pasanathe tsiku limodzi. Musaganize ndi maso kuti ndi chimfine chabe.

Mupite kuti? Mwana wa miyezi iwiri kupita m'mwamba amene akupuma mofulumira, koma akuyamwa, ali maso, ndipo nthiti sizikulowa, mlangizi wa zaumoyo wa pa kiliniki ya m'mudzi atha kumuthandiza ndi amokisilini, mapiritsi osungunula aja. Mumalizitse masiku onse amene akuuzani, ndipo mubwerere tsiku limene akupatsani, kapena msanga zikaipa. Koma khanda losakwana miyezi iwiri, kapena mwana aliyense wa zizindikiro zoopsa zija, ayenera kufika ku chipatala. Pitani cha pafupi ndi inu, iwo akaona kuti pakufunika kugonekedwa adzakutumizani ku Kaporo, ku Chilumba kapena ku chipatala chachikulu pa boma. Mwana amene anabadwa masiku asanakwane, wonyentchera, kapena amene mayi ake ali ndi kachilombo ka HIV, musamuchedwetse ngakhale zizindikiro zikuoneka zochepa. Ndipo chifuwa chikapitirira masiku 14, akamuyeze, kuphatikizapo chifuwa chachikulu.

Panjira, ngati akutha kuyamwa muzimuyamwitsa pang'onopang'ono. Musamuthire madzi kapena mankhwala m'kamwa ngati walefuka, angatsamwe. Munyamulireni kutsogolo kuti muziona nkhope yake, osati kumbuyo atakwiriridwa ndi zitenje ziwiri. Akakomoka, mugonekeni cham'mbali, musaike supuni kapena chala m'kamwa. Tengani buku lake la kusikelo. Mukafika, musakhale phee kumapeto kwa mzere. Pitani kwa wogwira ntchito aliyense munene kuti, "Mwana wanga akubanika, ndawerenga ka 62, sakuyamwa." Mwana wotere amayenera kuonedwa poyamba, ndipo kunena choncho si mwano.

Zimene zimatichedwetsa timazidziwa tonse: mapiritsi a pa golosale, otsala a m'bale wake, kufukiza, kudikira kuche, kudikira bambo. Amene mumakhala kutsidya kwa Lufilya kapena North Rukuru mukudziwanso kuti nthawi ya mvula njira imatha kutsekeka m'maola ochepa, ndiye inu nyamukani pa chizindikiro choyamba, kusanade. Za bambo ndi apongozi, kambiranani lero mwana ali bwino, mugwirizane kuti zizindikiro izi zikaoneka amene ali ndi mwana anyamuke, ena adzauzidwa panjira. Sungani kandalama ka kabaza pamalo pake, ndi nambala ya wa kabaza amene amadzuka usiku. Mukakayika, mutha kuimba Chipatala cha pa Foni kwaulere, koma ngati mwana akubanika imbani muli kale panjira.

Tsopano tisanabalalike, aliyense amene ali ndi mwana amutsitse. Amene wagona ndiye wabwino. Mnzanu wa pafupi agwire foni, inu kwezani malaya. Tiwerenge mwana ali bwino, kuti tsiku lina kapumidwe kakadzasintha maso anu adzazindikire msanga. Amene mupeze nambala yokwera mundiyitane, ndibwera kudzawerenga nanu. Takonzeka? Yambani.